CHENJEZO: MUSALEMBE CHIMENE MASO ANU SANAONE PA TSAMBA LAKALE

Kwa mafumu ndi nduna zawo, abusa, ansembe, akatekisi ndi mashehe, aphunzitsi ndi ophunzira, ndi inu nonse amene mumakopera kapena kutayipa zolembedwa zakale m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba.

Masamba a mabuku akale ayamba kuyenda kwambiri pakati pathu. Wina amajambula ndi foni tsamba la buku la nyimbo la agogo ake, wina amapeza fotokope ya katekisimu wa ku mishoni, wina amalandira kuchokera kutali zithunzi za buku lofotokoza mbiri ya mafumu. Ambiri mwa masambawa ndi ofufuma, zilembo zina zidafufutika, ndipo kalembedwe kake si kamene timaphunzira kusukulu lero. Ngozi yabwera pamenepa. Munthu akafika pa liwu losaoneka bwino amaganiza liwu loyenerapo, nkulilemba mwaukhondo, osauza aliyense kuti waganizira. Pepala lake loyera bwino lija likafika m'manja mwa anthu ena, palibenso amene angasiyanitse mawu a m'buku ndi mawu a wokopera.

Tikuchenjeza mwamphamvu kuti mchitidwe umenewu uleke. Wokopera tsamba lakale ali ngati mboni pabwalo la mfumu: anene chimene waona, ndipo pamene sanaone anene poyera kuti apa sindinaone. Kuganizira sikoletsedwa, koma kubisa kuti mwaganizira ndiko kulakwa.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI SIYODIKIRA

Kuno mapepala akale ndi ochepa. Amishoni a Consolata adafika ku Mandimba mu 1926 nkutsegula mishoni ya Massangulo mu 1928, ndipo kunyanja Aangilikani anali kale pa Likoma kuyambira 1885. Mabuku amene ankagwiritsidwa ntchito m'masukulu ndi m'matchalitchi a nthawi imeneyo adadutsa m'zambiri. Nkhondo ya pachiweniweni imene idatha mu 1992 idabalalitsa anthu, ambiri nkuthawira ku Malawi, katundu nkutsala m'nyumba zopanda mwini. Zimene nkhondo idasiya, chiswe, mphemvu ndi chinyezi zikumalizitsa chaka ndi chaka.

Choncho pali mabuku ena amene m'dera lonse latsala limodzi, ndipo pali ena amene chatsala ndi chithunzi chokha. Buku lenilenilo likatha, chimene inu mwatayipa lero ndicho chidzakhale buku kwa adzukulu. Ngati mwalowetsamo dzina lolakwika la mfumu, chaka cholakwika kapena malo olakwika, cholakwikacho chidzawerengedwa pamaliro, m'kalasi ndi pamlandu wa ufumu kapena wa malire, ndipo sipadzakhalanso poti nkukatsimikiza.

KALEMBEDWE KAKALE SI KULAKWITSA

Choyamba kudziwa nchakuti mawu ambiri amene amaoneka achilendo m'mabuku akale sadafufutike ndipo sadalakwike. Adalembedwa motsatira malamulo a nthawi yawo. Dera lathu lili pamalire, motero tsamba lingakhale litalembedwa m'njira zosiyana zingapo, ndipo muyenera kuzindikira njira yake musanakopere liwu ndi limodzi lomwe.

Olemba oyambirira, a nthawi imene David Clement Scott adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, kawirikawiri sankaika h pamene ife timaika. Munthu ankalembedwa muntu, anthu antu, nthawi ntawi. Pa mawu ngati amenewa palibe chovuta. Chovuta chimabwera pamene h ndiye akusiyanitsa mawu awiri. Kola angakhale kukola kapena khola. Pala angakhale kupala kapena phala. Panga angakhale kupanga kapena phanga. Mukaika h mwa inu nokha, mwasankha tanthauzo, ndipo kusankhako kuyenera kuonekera.

Mabuku ena, monga makope ambiri akale a Buku Lopatulika limene lidatuluka koyamba mu 1922, amalemba c pamene a ku Malawi lero amalemba ch. Mudzapezamo cifukwa, cuma, mau, nchito, pfuko, bvuto, ndiponso wace pamene ife timati wake. Ku Malawi zimenezi zidasinthidwa ndi malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board idatulutsa mu 1973 nkuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Kuno ku Mozambiki, kalembedwe kamene akatswiri adagwirizana pamsonkhano wa NELIMO ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane mu 1988 kadasunga c, nchifukwa chake mabuku a sukulu amalemba Cinyanja ndi Ciyao.

Kenaka pali dzanja la Chipwitikizi. Mlembi wa boma la atsamunda ankalemba maina athu monga khutu lake lidamvera komanso monga chilankhulo chake chimalembera. Ny ankamulemba nh, kw ankamulemba cu, ndipo ankakonda kulowetsa e pambuyo pa m. Ndimo Kwamba idakhalira Cuamba, Mataka Mataca, Mwembe Muembe, Mtengula Metangula, Msumba Messumba. Maina ena adasinthidwiratu: Cuamba m'zaka zomaliza za utsamunda inkatchedwa Nova Freixo, Lichinga inkatchedwa Vila Cabral.

Samalani kwambiri ndi chilembo c. M'buku la mishoni la Chinyanja, ca amawerengedwa cha. M'dzanja la Chipwitikizi, ca yemweyo amawerengedwa ka. Pa liwu wamba chiganizo chingakuthandizeni, koma pa dzina la munthu kapena la mudzi palibe chokuthandizani kupatula kudziwa amene adalemba. Dzina limodzi lingasanduke maina awiri, ndipo mbumba imodzi ingaoneke ngati mbumba ziwiri, chifukwa cha wokopera amene adasintha c popanda kufunsa kuti bukulo lidasindikizidwa kuti.

Nchifukwa chake ntchito iyambe ndi tsamba loyamba la buku, pamene pali dzina lake, wolemba, malo osindikizira ndi chaka. Ngati mwalandira tsamba lokha lopanda zimenezi, funsani amene wakutumizirani. Akapanda kudziwa, lembani pamwamba pa kope lanu kuti buku ndi chaka sizikudziwika.

ZIMENE ZIMAYAMBA KUFUFUTIKA

Tsamba silifufutika mofanana paliponse. Zimene zimayamba kutha ndi timizere topyapyala ndi tizizindikiro ting'onoting'ono, ndipo m'chilankhulo chathu tinthu timeneti timanyamula tanthauzo lalikulu. Kampatuliro kam'mwamba kakafufutika, m'bale amasanduka mbale, ndipo ng'oma yoimba imasanduka ngoma, nyama ya kutchire. Kadenga ka pa ŵ kakachoka, kuŵaza nkhuni kumafanana ndi kuwaza madzi. Kamzere ka pakati pa e kakatha, e amaoneka ngati c. Inki ikafalikira, r ndi n oyandikana amagwirana nkuoneka ngati m, h amatsekeka pansi nkukhala b, ndipo n ndi u amasokonekera. F ndi t akatha mitu amafanana, moti anafa ndi anata, amene ndi anatha m'kalembedwe kopanda h, angasiyane ndi kachidontho kamodzi. S mmodzi yekha akafufutika koyambirira kwa mzere, sanapite amayandikira anapita, ndipo nkhani yonse yatembenuka.

Manambala ndiwo oopsa koposa, chifukwa liwu limatetezedwa ndi mawu anzake pamene nambala ilibe mnzake woiikira umboni. 3 ndi 8, 1 ndi 7, 5 ndi 6 zimasokonekera mosavuta. Chaka cha 1933 ndi cha 1938 zonse ndi zomveka m'chiganizo chimodzi. Ngati tsambalo ndi la buku lakale la zaumoyo kapena zaulimi lotchula muyeso wa mankhwala, musatsatire muyesowo ngakhale utaoneka bwino. Pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi.

Makina nawonso amawonjezera zawo. Fotokope ya fotokope imataya tizilembo topyapyala nkunenepetsa litsiro. Sikana ikaikidwa pa zakuda ndi zoyera zokha, imasankha yokha kuti dontho lililonse likhale lakuda kapena loyera, motero inki yofufuma imatayidwa ndipo banga la nkhungu limasanduka chilembo. Pepala likakhala lopyapyala, zilembo za kuseri zimaonekera nkusakanikirana ndi za kutsogolo. Ndipo musaganize kuti makina sanama. Mu 2013 katswiri wa makompyuta wa ku Jeremani, David Kriesel, adapeza kuti makina ena a Xerox ankasinthanitsa manambala posikana, 6 nkukhala 8, chifukwa cha njira imene ankachepetsera kukula kwa chithunzi. Tsamba linkatuluka laukhondo koma lili ndi nambala yabodza. Mapulogalamu osandutsa chithunzi kukhala malemba nawo sasiya mpata pamene alephera. Amaikapo chilembo chilichonse chimene chayandikira, ndipo ambiri adakonzedwera Chipwitikizi kapena Chingerezi, osati Chinyanja chakale, Chiyao kapena Chimakuwa. Zimene atulutsa muzifanizire ndi chithunzi liwu ndi liwu.

YAMBANI NDI CHITHUNZI CHABWINO

Mawu ambiri amene timati ndi osawerengeka amawerengeka bwino chithunzi chikajambulidwanso. Ngati buku lilipo, bwererani kwa mwini wake. Jambulani masana pamthunzi wowala, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, popanda kuthwanimitsa nyali ya foni. Foni ikhale molunjika pamwamba pa tsamba, tsamba limodzi chithunzi chimodzi, ndipo nambala ya tsamba ndi m'mphepete monse zionekere. Ikani pepala lakuda kuseri kwa tsamba limene mukujambula, zilembo za kuseri zidzaleka kuonekera. Pamalo ofufuma jambulani chithunzi china chapafupi, kuwala kukuchokera m'mbali, chifukwa makina akale osindikizira ankadinda zilembo m'pepala ndipo chidindo chake nthawi zina chimaoneka ngakhale inki itatha.

Ngati mukugwiritsa ntchito sikana, sankhani mitundu yonse kapena zotuwa, osati zakuda ndi zoyera zokha, ndipo muyeso usachepere 300 dpi. Zilembo zikakhala zazing'ono kwambiri kwezani kufika 600 dpi. Potumiza pa WhatsApp sankhani Documento kapena Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo tizizindikiro tija ndito timayamba kutayika.

Pali zinthu zimene simuyenera kuchita konse. Musadutsitse bolopeni pa zilembo zofufuma kuti zioneke, pakuti mukatero mwakwirira umboni ndi maganizo anu mpaka kalekale. Musanyowetse tsamba, musalipake mafuta, musalimate ndi selotepi, musaliyanike padzuwa. Chithunzi choyamba chisungeni monga chilili. Ngati mukufuna kuchiwalitsa kapena kuchidetsa, chitani zimenezo pa kope lake.

ZIZINDIKIRO ZOONETSA KUKAYIKA

Akatswiri owerenga zolembedwa zakale adakumana ku Leiden mu 1931 nkugwirizana zizindikiro zoti aliyense aone chimene chili pa tsamba ndi chimene wawonjezera ndi wokopera. Ife sitifunika zonsezo. Zinayi izi nzokwanira, ndipo zimalembeka ndi pensulo ngakhale pa foni.

Chilembo chimene sichikuoneka koma muli ndi chifukwa champhamvu chochidziwira, chiikeni m'mabulaketi angodya: mfu[m]u.

Liwu limene likuoneka pang'ono koma mukulikayikira, lembani chimene mukuona nkuikapo chizindikiro cha funso: anafa[?].

Pamene simukuona chilichonse, ikani dontho limodzi pa chilembo chilichonse chimene chikusowa: [....]. Ngati simungawerenge zilembo, nenani kukula kwa malowo: [mawu awiri kapena atatu sakuwerengeka].

Pamene buku lenilenilo lidalakwitsa ndipo cholakwikacho chikuoneka bwino, chikopereni momwemo nkulemba [choncho], kuti wowerenga adziwe kuti si inu mwalakwitsa.

Kuwonjezera apo, pangani makope awiri. Loyamba litsate tsamba chilembo ndi chilembo, mzere ndi mzere, kalembedwe kakale konse kali momwemo. Lachiwiri ndilo la kalembedwe ka lero, lowerenga kutchalitchi kapena m'kalasi, ndipo pamwamba pake palembedwe kuti kalembedwe kasinthidwa. Zizindikiro za kukayika zipite m'makope onse awiri. Anthu ambiri amaika zizindikiro m'kope loyamba nkuzichotsa m'lachiwiri kuti lioneke bwino, chikhalirecho lachiwirilo ndilo limafalikira.

CHITSANZO

Mzere uwu taupeka kuti njira ioneke, si wa m'buku lililonse. Tiyerekeze kuti pa chithunzi chofufuma mukuona izi:

Mfumu inapatsa mbale wache ngoma ziwiri, ndipo antu anakala ku      amba zaka 1

Pambuyo pa ku pali malo ofufutika, ndipo pambuyo pa 1 pali nambala ina imene yatsala mbali ya kumanja yokha, yopindika kawiri.

Yambani ndi antu ndi anakala. Yang'anani tsamba lonse. Mukapeza muntu ndi ntawi m'mizere ina, mwadziwa kuti wosindikizayu saika h. Mawu awiriwa sadafufutike. M'kope loyamba akhale momwemo. M'lachiwiri akhale anthu ndi anakhala, ndipo apa simukuganizira, chifukwa anthu amakhala pamalo zaka, sakala zaka. Wache nayenso ndi wake wakale.

Tsopano mbale. Kodi ndi chodyera kapena ndi m'bale? Chilankhulo chenicheni chikuyankha. Chodyera chikadatsatidwa ndi yache. Popeza palembedwa wache, ameneyu ndi munthu. Umboni uli pa tsamba pomwepo, motero m'kope lachiwiri mungalembe m'bale wake ndi mtima wokhazikika. Chongofunika nkuonetsetsa kuti w wa wache akuoneka bwino, chifukwa mlandu wonse wagona pa iye.

Ngoma ndi nkhani ina. Ng'oma yoimba ndi ngoma ya kutchire zonse zimatenga ziwiri, ndiye chiganizo sichikuthandiza. Mtima udzakuuzani kuti ndi ng'oma, poti ng'oma imayendera limodzi ndi ufumu. Koma mfumu ingapatsenso m'bale wake nyama zimene alenje abwera nazo. Pali njira ziwiri zofufuzira. Yoyamba, funani liwu ngati ng'ombe kapena pang'ono m'buku lomwelo, muone ngati wosindikizayu amaika kampatuliro. Ngati saika paliponse, tsamba silingakuuzeni. Yachiwiri, ngati amaika, kulitsani chithunzi muone pakati pa g ndi o. Kampatuliro kali ndi malo akeake pamzere, motero ngakhale katafufutika kamasiya mpata woposa wa pakati pa zilembo zina. Mpata ukakhalapo, lembani ng[']oma. Ukapanda kuoneka bwino, lembani ngoma[?] ndi kufotokoza pansi kuti ingakhale ng'oma kapena ngoma. Werenganinso ndime zoyandikana. Ngati mutsogolo akunena za gule kapena za uzimba, chimenecho ndi chifukwa choti muchitchule pansipo, koma si chilolezo chochotsera chizindikiro.

Dzina la malo ndi pamene mtima umanyenga kwambiri. Munthu wa ku Cuamba akaona amba adzawerenga Kwamba nthawi yomweyo. Koma Amaramba nayo imathera chimodzimodzi, ndipo alipo malo enanso. Yezani mpatawo. Ikani m'mphepete mwa kapepala pansi pa malo ofufutika, chongani poyambira ndi pothera, kenaka muike kapepalako pa liwu looneka bwino la mzere womwewo nkuwerenga zilembo zimene zalowamo. Kumbukirani kuchotsapo mpata wa pakati pa mawu, komanso kuti m ndi zilembo zazikulu nzotambalala kuposa i ndi l. Kwamba ikufuna zilembo ziwiri, Amaramba zinayi. Tiyerekeze kuti mwapeza malo a zilembo zinayi. Mwatsimikiza kuti si Kwamba, koma simunatsimikize kuti ndi Amaramba. Lembani [....]amba, ndipo pansi munene kuti mwina ndi Amaramba chifukwa mpata ndi wa zilembo pafupifupi zinayi. Dzinalo likapezeka lathunthu pa tsamba lina la nkhani yomweyo, pamenepo mungalembe [Amar]amba nkutchula tsambalo.

Nambala yatsala mbali ya kumanja yokha, ndipo mbali imeneyo 3 ndi 8 amafanana. Fanizirani ndi 3 ndi 8 ena a m'buku lomwelo, monga a manambala a masamba. M'zilembo zina 3 amakhala ndi mutu wafulati, ndipo zikatero mudzasiyanitsa. Zikakanika, lembani 1[3 kapena 8]. Musasankhe imene ikugwirizana ndi mbiri imene mumaidziwa kale, chifukwa mwina tsambali ndilo likadaikonza mbiriyo.

Kope loyamba lidzaoneka motere:

Mfumu inapatsa mbale wache ngoma[?] ziwiri, ndipo antu anakala ku [....]amba zaka 1[3 kapena 8]

Mzerewu ungaoneke wosamalizika, koma ndi woona. Mawu anayi tawamasula ndi umboni wa pa tsamba, ndipo malo atatu tawasiya otseguka, aliwonse ndi chifukwa chake. Amene adzapeze kope lina la bukulo adzadziwa malo atatu oti ayang'ane. Mukadalemba kuti ng'oma ziwiri ku Kwamba zaka 18, palibe akadaganiza zoyang'ananso.

KUFUNSA AKULU NDI KUFUNA KOPE LINA

Safunsa adadya phula, koma kufunsa kuli ndi njira yake. Mukapita kwa agogo kapena kwa mkatekisi wakale, musayambe ndi kuwauza chimene mukuganiza. Mukati, "Agogo, apa si palembedwa Amaramba?" adzavomera mwaulemu kapena chifukwa maso awo atsatira mawu anu. Apatseni tsamba awerenge okha, kapena awerengereni mpaka pamalo ovutawo nkuima. Pa mawu amene adasiya kugwiritsidwa ntchito, ndi pa mawu a Chiyao kapena Chimakuwa olowa m'Chinyanja cha kuno, akuluakulu ndiwo aphunzitsi athu. Liwu limene inu simulidziwa musalisinthe ndi lofanana nalo limene mumalidziwa.

Komabe zimene agogo akukumbukira ndi umboni wina, zimene tsamba likunena ndi umboni winanso. Nyimbo imene mpingo waimba zaka zambiri imasintha pakamwa, ndipo mawu amene akuimbidwa lero sangakhale omwewo amene adasindikizidwa. Lembani zonse ziwiri mosasakaniza: tsamba likuonetsa chakuti, akulu a mpingo amaimba chakuti.

Mankhwala enieni a liwu lofufutika ndi kope lina la buku lomwelo. Mabuku osindikizidwa ankatuluka ambiri, ndipo kawirikawiri sawonongeka pamalo amodzimodzi. Funsani m'maparishi ndi m'mipingo yoyandikana, ndi kwa abale a tsidya la malire ku Chiponde, Namwera ndi Mangochi. Kutali kuli Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi National Archives of Malawi ku Zomba. Mukapeza kope lina, onani chaka chake, chifukwa buku likasindikizidwanso kalembedwe ndi mawu ena zimasinthidwa. Mukatenga liwu m'kope la chaka china, nenani kuti lachokera kumeneko.

KWA INU OLANDIRA MAPEPALA OTAYIPIDWA

Simufunika kukhala katswiri kuti mudziteteze. Wina akakubweretserani pepala nkumati izi zachokera m'buku lakale, mufunseni dzina la buku, chaka ndi nambala ya tsamba, ndipo mupemphe chithunzi cha tsambalo. Ikani ziwirizo pamodzi. Ngati chithunzi chili ndi malo ofufutika koma pepala lotayipidwa lilibe chizindikiro ndi chimodzi chomwe, dziwani kuti wina wadzaza mipata mobisa. Ngati buku akuti ndi lakale kwambiri koma kalembedwe konse ndi ka lero ndipo palibe mawu onena kuti kasinthidwa, pepalalo ladutsa m'manja mwa munthu amene sakukuuzani zonse. Yang'anani makamaka maina ndi manambala, chifukwa ndi pamene phindu la munthu limagona.

Mafumu ndi akuluakulu oweruza milandu, tikukupemphani kuti musagamule nkhani ya ufumu, ya mbumba kapena ya malire potsamira liwu limene pa chithunzi silikuoneka. Pa nkhani za malo, lamulo la malo la 1997 limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi. Palibe chifukwa chokakamizira tsamba lofufuma kuti linene zimene silikunena. Aphunzitsi, mwana amene walemba kuti apa sipakuwerengeka mupatseni malikisi ake, musamuyese waulesi. Mukamulanga chifukwa cha mpata, mwamuphunzitsa kupeka. Inunso amene mumalipira otayipa, musawakakamize kuti akupatseni pepala lopanda mipata, chifukwa adzakupatsani chimene mwapempha.

CHITANI IZI SABATA INO

Ngati mudatayipapo kale tsamba lakale nkuligawa, litengeninso mulifanizire ndi chithunzi, muike zizindikiro paliponse pamene mudaganizira, ndipo mutumize kope lokonzedwalo kwa onse amene adalandira loyamba. Pansi pa kope lililonse lembani dzina la buku, tsamba, tsiku limene mwakopera, ndiponso ngati mudaona buku lenileni kapena chithunzi chokha. Kope lisayende lokha, liziyenda ndi chithunzi chake. Mupatse munthu wachiwiri awerenge payekha asanaone zanu, ndipo pamene mwasiyana paikidwe chizindikiro. Ngati m'nyumba mwanu, kutchalitchi kapena kumzikiti kuli buku lakale, lijambuleni lonse mvula isanabwere, kuyambira pachikuto, ndipo zithunzizo zisungidwe m'malo awiri osiyana.

Werengani chenjezoli pamisonkhano ya m'mudzi, m'mipingo ndi m'masukulu, ndipo amene amadziwa Chiyao, Chimakuwa ndi Chipwitikizi awafotokozere anzawo.